Nsolo: miyala iwiri m'dzenje, nkhondo m'mutu

Tikamadutsa pamsika ndi kuona amadala atazungulira thabwa la nsolo, ambiri a ife timaganiza kuti akungotaya nthawi. Koma sewero lija ndi lakale kuposa Lusaka yeniyeniyo. M'chaka cha 1658, Mfalansa wina dzina lake Flacourt analemba za sewero la mizere inayi limene anaona ku Madagascar. Kuno kwathu, Smith ndi Dale anafotokoza chisolo cha Aila m'buku lawo la 1920. Ku Zimbabwe amati tsoro, ku Uganda omweso, ku Malawi kuli bawo. Onsewa ndi pachibale, ngakhale malamulo amasiyana, ndipo nsolo yathuyi imasiyananso komboni ndi komboni. Gwirizanani musanayambe, kuopa mkangano.

Kasewero kofala ndi aka. Pali mizere inayi ya maenje, iwiri yanu, iwiri ya mnzanu, ndipo dzenje lililonse limayamba ndi miyala iwiri. Mumafesa m'mizere yanu yokha: wapafupi ndi inu kupita kumanja, wam'kati kubwerera kumanzere. Mumatapa miyala yonse ya m'dzenje limodzi ndi kugwetsa umodziumodzi m'maenje otsatira. Womaliza ukagwera pamene pali miyala ina, mumatapa yonseyo ndi kupitiriza. Ukagwera m'dzenje lopanda kanthu, mwaima.

Kudya kuli pa kuimako. Ngati mwaima mumzere wam'kati, ndipo dzenje la mnzanu loyang'anana nalo lili ndi miyala, mumaichotsa pathabwa pamodzi ndi ya m'dzenje la kumbuyo kwake. Wotsala wopanda mwala wagonja.

Tiyese. Mumzere wanu wam'kati, kuwerenga kuchokera kumanja, muli miyala 2, 1, 1, 3, ndipo dzenje lachisanu n'lopanda kanthu. Tapani iwiri yoyambayo. Umodzi ugwera m'dzenje lachiwiri, wina m'lachitatu, mmene tsopano muli iwiri. Tapaninso: wina m'lachinayi, womaliza m'lachisanu. Mwaima. Ngati mnzanu ali ndi inayi patsogolo pamenepo ndi isanu kumbuyo, mwadya 9 ulendo umodzi.

Osafulumira kuseka. Dzenje lanu lachinayi manje lili ndi miyala inayi, poyera, ndipo mnzanu akaima moyang'anana nalo, yapita pamodzi ndi ya kumbuyo kwake. Koma lachitatu mwalisiya lopanda kanthu, choncho mulu uliwonse umene uli kumbuyo kwake sungadyedwe. Apa m'pamene akatswiri amabisa chuma chawo: kumbuyo kodzaza, kutsogolo kopanda kanthu. Wophunzira amaunjika kutsogolo, ndipo mudzamudziwa chifukwa amadya katatu koma n'kutaya theka la miyala yake kamodzi.

Palinso lamulo limene limagwetsa ambiri kumapeto. M'malo ambiri simuloledwa kusuntha mwala umene uli wokha ngati muli ndi dzenje la miyala iwiri kapena kuposa. Ndiye mdala wochenjera amakusiyirani dala dzenje limodzi la iwiri, podziwa kuti mudzakakamizika kulisuntha, ndipo anawerenga kale pamene miyalayo idzagwera. N'chifukwa chake amakhala chete nthawi yaitali, maso ali pathabwa, milomo ikugwedera.