Mbuzi Inadya Chimanga Ija: Mbiri ya Ziganizo Zosocheretsa

Tiyerekeze kuti mlembi wa pabwalo la milandu kwa Mfumu Zingalume, m'boma la Chadiza, walemba m'kaundula wake kuti: "Mbuzi inadya chimanga cha amfumu ija yagwidwa." Wowerenga amayenda bwinobwino mpaka pa mawu akuti "amfumu", akuganiza kuti nkhani ndi yakuti mbuzi inadya chimanga. Kenaka akumana ndi "ija yagwidwa", n'kupunthwa. Ayenera kubwerera kuti akaone kuti za kudya chimangazo zinali zongotiuza mbuzi yake, ndipo nkhani yeniyeni ndi yakugwidwa. Komatu mawu omwewa akanenedwa pakamwa, ngakhale mwana woweta mbuzi sasochera. Kusiyana kumeneku, kwa khutu ndi pepala, n'kumene kwandichititsa kulondola mbiri ya momwe anthu akhala akuyesera kumvetsa ziganizo zotere.

Mmodzi mwa oyamba kudandaula nazo m'malemba amene tili nawo ndi Aristotle wa ku Girisi, zaka zoposa 2,300 zapitazo. Polemba za machenjera a anthu okonda mtsutso, iye anasiyanitsa liwu limodzi la matanthauzo awiri ndi chiganizo chimene liwu lililonse lili lomveka koma kalumikizidwe kake n'kapawiri. Chitsanzo chake chinali cha munthu ndi adani ake, pomwe sizidziwika kuti wogwira mnzake ndani. Kwathu kuno tikanati: "Fisi galu wamuluma." Onse awiri ali m'gulu limodzi la mayina, choncho "wa-" ndi "-mu-" satiuza woluma ndi wolumidwa. Aristotle anaona vutoli ngati msampha wa pamtsutso basi, ndipo analibe njira yoliika poonekera.

Zojambula zinabwera mochedwa kwambiri. Mu 1877 aphunzitsi awiri a ku Amereka, Alonzo Reed ndi Brainerd Kellogg, anafalitsa njira yoyala chiganizo pa mizere, mwininkhani ndi mneni pamzere waukulu, afotokozi akulendewera kunsi. Cholinga chawo chinali chophunzitsira ana a sukulu. Mu 1933 Leonard Bloomfield anabweretsa ganizo limene lakhala maziko mpaka lero, lakuti chiganizo si mkanda wa mawu otungidwa mondondozana, koma mitolo yomangidwa m'kati mwa mitolo inzake. Rulon Wells, mu 1947, anaonetsa kuti mawu omwewo akhoza kumangidwa mitolo m'njira ziwiri, ndipo tanthauzo limatsata mamangidwewo. Noam Chomsky mu 1957 anakhwimitsa mfundoyi: malamulo a chilankhulo olembedwa bwino ayenera kupereka mamangidwe awiri kwa chiganizo chilichonse chimene eni chilankhulo amachimva pawiri. M'zaka zimenezi ndi pamene chithunzi cha mtengo wozondoka, tsinde kumwamba nthambi kunsi, chinazika mizu m'maphunzirowa.

Mtengowu umagwira ntchito motere. Tinene kuti nyakwawa yalengeza kuti thandizo la chimanga lilandiridwe ndi "amuna ndi akazi okalamba". Pamtengo woyamba, tsinde ligawika nthambi ziwiri: kumanzere kuli mtolo wa "amuna ndi akazi", kumanja kuli "okalamba" payekha, ndipo ukalambawo ukhudza onse. Pamtengo wachiwiri, "amuna" ali pa nthambi yawoyawo, ndipo "akazi" ndi "okalamba" akumana kaye pa kanthambi kawo asanalumikizane ndi amunawo. Polemba mwachidule timagwiritsa ntchito mikutiramawu:

[[amuna ndi akazi] okalamba]

[amuna ndi [akazi okalamba]]

Pa mtengo woyamba mnyamata wa zaka 25 abwerera chimanjamanja. Pa wachiwiri asenza thumba. Palibe liwu lasintha, chasintha ndi mphanda pomwe "okalamba" wamera. Njira yoyesera ngati mtolo ndi weniweni ndi kuusuntha wonse pamodzi. Tikati "akazi okalamba ndi amuna", tanthauzo lachiwiri lokha ndilo latsala, umboni wakuti mawu awiri aja anali mtolo umodzi.

Mpaka apa akatswiri ankaona chiganizo chathunthu, chitagona pa pepala. Koma munthu samva chiganizo chonse nthawi imodzi. Amachilandira liwu ndi liwu, ndipo amayamba kumanga mtengo wake chisanathe. Mu 1970 Thomas Bever anapereka chiganizo chachingerezi chonena za kavalo wothamangitsidwa kudutsa pa khola, chimene chili cholondola koma pafupifupi aliyense amachiyesa cholakwika, chifukwa mneni woyamba amatengedwa ngati mneni wamkulu pomwe ali wofotokoza kavaloyo. Ndi msampha womwewo wa mbuzi yathu ija. Dzina limene ziganizozi zinapatsidwa m'Chingerezi limachokera ku mawu onena za kutsogolera munthu kanjira ka kudimba kuti asochere. Ife tingozitcha ziganizo zosocheretsa. Kusiyana kwake ndi zapawiri n'kwakuti chosocheretsa chimakhala chapawiri panjira pokha. Ukafika kumapeto, mtengo umodzi wokha ndiwo uima.

Lyn Frazier ndi Keith Rayner mu 1982 anayeza kayendedwe ka maso a anthu powerenga, napeza kuti maso amachedwa pa liwu limene lagwetsa mtengo woyamba, ndipo kawirikawiri amalumphira m'mbuyo. Iwo anati ubongo uli ndi zizolowezi ziwiri: kusankha mtengo wa mphanda zochepa, ndi kumata liwu latsopano pa nthambi imene ikumangidwa panthawiyo. Mu 1988 Fernando Cuetos ndi Don Mitchell anaonetsa kuti owerenga Chisipanishi satsata chizolowezi chachiwirichi monga owerenga Chingerezi, ndipo kuyambira pamenepo funso linakhala lakuti chilankhulo chilichonse chimasocheretsa anthu ake pati.

Apa ndi pamene Chichewa chili ndi zonena zambiri. Buku loyamba lofotokoza malamulo ake m'njira ya akatswiri amakono linatuluka mu 1937, lolembedwa ndi Mark Hanna Watkins, amene ankamva chilankhulochi kwa wophunzira wina ku Chicago, Hastings Kamuzu Banda. Patatha zaka 50, mu 1987, Joan Bresnan ndi Sam Mchombo anaonetsa kuti timaphatikizo tomata pa mneni, monga "i-" mu "inatsala" kapena "-mu-" mu "wamuluma", tikhoza kugwira ntchito ya mlowam'malo. Zotsatira zake n'zakuti misampha ina yachingerezi sigwira kuno. Onani: "Ana atadya nsima inatsala." Kaya "nsima" mwaimata kwa "atadya" kaya kwa "inatsala", simupunthwa, pakuti "i-" wanyamula kale mwininkhani wake. Agwirizanitsi amatipulumutsanso kwina. "Mwana wa mphunzitsi amene anagwa" ndi chapawiri, poti mwana ndi mphunzitsi ali m'gulu limodzi. Koma "njinga ya mwana imene inagwa" ndi "njinga ya mwana amene anagwa" sizisokonezeka: gulu la dzina laloza kale nthambi.

Chida chachiwiri ndi kukwera ndi kutsika kwa mawu. Jonni Kanerva mu 1990 anafotokoza momwe olankhula Chichewa amagawira chiganizo m'zigawo, akumakoka phatikizo lotsatana ndi lomaliza pothera pa chigawo chilichonse. Mchombo m'buku lake la 2004, ndiponso Laura Downing ndi Al Mtenje pambuyo pake, analemba za nthambi zofotokoza dzina, momwe "amene" kapena "imene" akhoza kusiyidwa, ntchito yake n'kutsalira kwa liwu lokwera pa phatikizo loyamba la mneni. Tonse timachita izi osazindikira. Nenani "chaka chatha" mukudandaula kuti Disembala wafika ngongole ya feteleza musanabweze, kenaka nenani "chaka chatha mvula inavuta". Poyambapo "cha-" wa "chatha" ndi wotsika, ndipo mawu awiriwo ndi chiganizo chathunthu. Pachiwiripo "cha-" wakwera, ndipo mawuwo asanduka mtolo umodzi wonena nthawi, wolendewera pa mneni amene akubwera. Mbuzi ija ndi chimodzimodzi: "i-" wa "inadya" akakwera, womvera wadziwiratu kuti mneni wamkulu ali kutsogolo. Zili ngati mmene apaulendo akale ankachitira pamphambano, wotsogola akumatseka njira yolakwika ndi masamba kuti otsatira asalowemo.

Kalembedwe kathu kanasesa masambawo. Malamulo a kalembedwe a Chichewa ku Malawi a 1973, ndi a zilankhulo za ku Zambia amene unduna wa maphunziro unavomereza mu 1977, amasiyana pa zina, monga "ch" ndi "c", koma m'mabuku a mbali zonse ziwiri kukwera ndi kutsika kwa mawu sikulembedwa. Sindikuti analakwitsa, tizizindikiro pa phatikizo lililonse tikanalemetsa tsamba. Koma mtengo wake amalipira ndi wowerenga. Mu 2014, pamene Zambia inayamba kuphunzitsa ana a giredi 1 mpaka 4 m'zilankhulo zakwawo, ana a ku Chadiza anayamba kuwerenga zambiri m'Chinyanja chimene amayamwa. Mwana wotere akaima pakati pa chiganizo n'kubwerera, mphunzitsi asafulumire kuganiza kuti sadziwa malembo. Amvetsere pomwe waimapo. Ngati wawerenga mosadodoma mpaka pa "amfumu", natsitsa mawu ngati wamaliza, kenaka n'kudodoma pa "ija", ndiye kuti malembo akuwadziwa. Wagwa ndi mtengo umene anamanga m'mutu. Mankhwala ake ndi kujambula nthambi ziwiri pabolodi: kumanzere "mbuzi inadya chimanga cha amfumu ija" yonse pansi pa mphanda imodzi, kumanja "yagwidwa".

Mtengo uli ndi malire ake. Liwu lomweli lakuti "mtengo" ndi umboni: mu "mtengo wagwa", kaya ndi msuku wagwa ndi mphepo kaya ndi mtedza watsika pamsika, chithunzi chake n'chimodzi, dzina ndi mneni, pakuti kuwiriko kuli m'liwu, osati m'mamangidwe. Komanso mtengo suweruza. Pa "mlonda anapeza wakuba ndi tochi" udzakuonetsani "ndi tochi" atamera pa "anapeza", tochiyo ili m'manja mwa mlonda, ndiponso atamera pambali pa "wakuba", tochiyo ili m'gulu la zopezedwa. Chimene chinachitikadi usikuwo muyenera kufunsa mboni. Pabwalo akuluakulu amachita zimenezi mwachizolowezi, amvekere: "Tochiyo inali ndi yani?" Kaundula ndiye safunsika, makamaka patapita zaka, mboni zitamwalira ndipo adzukulu akulimbirana malire a munda. N'chifukwa chake mlembi wathu uja akanachita bwino kubwezera liwu limodzi limene pakamwa linali losafunika, n'kulemba kuti: "Mbuzi imene inadya chimanga cha amfumu ija yagwidwa."