Kodi ng'ombe zikagona pansi ndiye kuti mvula ili pafupi?

Chikhulupiriro chakuti ng'ombe zimagona pansi mvula ikayandikira n'chofala kwambiri ku Britain. M'chaka cha 2017, nthambi yoona zanyengo m'dzikomo, Met Office, itafunsa anthu inapeza kuti oposa 60 mwa anthu 100 alionse amakhulupirira zimenezi. Ena amati ng'ombe imamva chinyezi mumpweya, ndiye imagonera udzu kuti pamalopo pasanyowe. Koma nthambiyo inati palibe umboni wa sayansi wotsimikizira nkhaniyi.

Chovuta n'chakuti ng'ombe imagona pansi tsiku lililonse, kugwe mvula kapena kuwale dzuwa. Ng'ombe yamkaka yodya bwino imatha maola 10 mpaka 12 pa tsiku ili pansi. Nthawi yambiri imakhala isali m'tulo, koma ikubzikula, kutanthauza kubweza udzu umene inameza n'kuutafunanso. Komanso ng'ombe zimatsanzirana: zingapo zikagona, zinzake zimatsatira.

Taganizirani m'busa wa ku Angonia m'mwezi wa Januwale. Watsekula khola m'mawa, ng'ombe zake 20 zadya mpaka kukhuta, ndipo dzuwa lili paliwombo zambiri zagona pansi. Chakumadzulo mvula yagwa, monga imachitira kawirikawiri nthawi ya dzinja. M'busayo anganene kuti ng'ombe zinalosera. Koma mu Julaye ng'ombe zomwezo zimagonanso masana, mvula osagwa, ndipo masiku amenewo palibe amawawerenga. Munthu amakumbukira tsiku limene zinthu zinagwirizana, enawo amaiwala.

Komabe chikhulupirirochi chili ndi kachoonadi pang'ono. Ofufuza a ku Amereka anapeza kuti ng'ombe ikamva kutentha imaima nthawi yaitali, chifukwa ikaima mphepo imawomba thupi lonse n'kuliziziritsa. Kukazizira m'pamene imagona. Popeza mitambo ndi kamphepo kozizira nthawi zambiri zimatsogolera mvula, ng'ombe zimene zinaima chifukwa cha dzuwa, ngati la kuchigwa cha Zambezi, zikhoza kugona kukangochita mthunzi. Apo ng'ombe ikutsatira kuzizira komwe kwafika kale, osati mvula yomwe ikubwera, ndipo si mtambo uliwonse umene umagwetsa madzi.

Wofuna kudziyesera alembe kwa masiku 30, pa ola limodzimodzi, kuchuluka kwa ng'ombe zogona ndiponso ngati mvula yagwa tsikulo. Kenako afananize masiku a mvula ndi masiku ouma. Pa nkhani yoyanika chimanga kapena yobzala, ndi bwino kumvera zolosera za INAM kusiyana ndi kuyang'ana ng'ombe.

Kugona kofunika kukuchitira changu ndi kwa ng'ombe imene yagona payokha, sikubzikula, ndipo ikukana kudzuka zinzake zikanyamuka. Kumeneko kungakhale kudwala, ndipo mwini wake aitane mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo.