Loboti wa pa Adderley: kapolo amene anasanduka wapolisi

Ukafunsa njira ku Cape Town, kaya pa msewu wa Adderley kapena wa Voortrekker ku Bellville, yankho limangokhala lakuti ukhote pa maloboti achiwiri. Mmalawi sadabwa, pakuti ku Lilongwe timatero. Koma mlendo wa ku London amayamba kumwazamwaza maso, kufunafuna chidole chachitsulo.

Mawuwa mungawalondole mu Dictionary of South African English on Historical Principles, mtanthauziramawu amene anakonzedwa ku Grahamstown motsogozedwa ndi Penny Silva n'kutuluka mu 1996. Mukatsegula pa *robot*, musathamangire gwero lokha. Bukuli limandandalika ziganizo zakale, chilichonse ndi chaka chake, ndipo m'menemo ndi momwe mapazi a mawu amaonekera.

Gwero lenilenilo lili kutali. M'Chitcheki, *robota* inali ntchito yokakamiza imene mlimi ankagwirira mwini malo, mpaka inathetsedwa mu 1848. Mu 1920 Karel Čapek analemba sewero lotchedwa R.U.R., la anthu opangidwa m'fakitale kuti azigwirira ntchito eni ake. Dzina la anthuwo, *robot*, anamupatsa ndi mkulu wake Josef, wojambula zithunzi.

Tsono munthu atangokuuzani kuti "ntchito yokakamiza", mungalote nyali yofiira, yachikasu ndi yobiriwira? Ine ndikuti ayi. Pali sitepe ina pakati imene gwero silinena. Kale pamphambano pankaima wapolisi, akutambasula manja. Nyali zodziyendera zokha zitamulanda ntchito chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, Angelezi anazitcha wapolisi wa loboti. Pakamwa sipakonda mawu aatali: "wapolisi" anagwa, n'kutsala "loboti". Kwawo ku Mangalande dzinali linazilala, koma kuno kumwera kwa Afirika linamera mizu, ndipo lafika mpaka ku Harare, Lusaka ndi Blantyre. Onani mmene zinatembenukira: mawu a munthu wolamulidwa tsopano ndi dzina la chinthu cholamula, chimene ngakhale nduna imachiimira.

Ife sitiyenera kudabwa. Kuthangata n'kuthandiza, monga mmene anansi amathandizirana kumunda. Koma pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, thangata inali ntchito yolipirira malo okhala, imodzi mwa nkhanza zimene zinautsa John Chilembwe mu 1915. Wodalira tsinde la mawu angaganize kuti agogo athu ankadandaula chifukwa chothandizidwa.

Njira yoyesera ndi yapafupi: bisani tanthauzo la lero ndi chala, werengani gwero, muyerekeze. Pa loboti mudzaphonya, ndipo chokubwezani panjira ndi ziganizo za zaka zija.

Magetsi a Eskom akathima, maloboti a ku Cape Town amafa, ndipo nthawi zina pamphambano pamaimanso munthu, akutambasula manja.