Mafunso ndi Mayankho: Kanyundo ka dokotala ndi kudumpha kwa mwendo

Funso lochokera ku Kabwazi, m'boma la Dedza: Dokotala akagogoda bondo ndi kanyundo ka labala, n'chiyani chimadumphitsa mwendo mwiniwake asanafune?

Kanyundoko sikamenya fupa. Kamagunda chingwe cholimba chomwe chili m'munsi mwa kafupa kobulungira ka pabondo, ndipo chingwecho n'cholumikizika ku mnofu waukulu wa kutsogolo kwa ntchafu. Chikagundidwa, mnofuwo umakokeka pang'ono modzidzimutsa. Mkati mwa mnofu muli tizilonda ting'onoting'ono tomwe ntchito yake ndi kumva kukokeka. Timeneti timatumiza uthenga kudzera mumtsempha wa m'ntchafu mpaka ku chingwe cha mitsempha chodutsa mkati mwa fupa la msana, pazigawo zomwe madokotala amalemba kuti L3 ndi L4. Pamenepo uthenga umalumphira pa mtsempha wina wotuluka, womwe umalamula mnofu womwewo kuti ukungike. Mnofu wa kuseri kwa ntchafu umauzidwa kuti ufewe, ndipo mwendo umaponyeka kutsogolo.

Ulendo wonsewu sukwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 20 a sekondi. Ubongo umamva zitachitika kale, monga mlandu waung'ono womwe wathera kwa nyakwawa, gogo chalo n'kungouzidwa mawa lake. Thupi lili ndi chifukwa chake chochitira zimenezi. Mayi wosenza thumba la mbatatesi akaterereka pamtsetse, bondo limayamba kupindika, mnofu wa ntchafu umakokeka, ndipo njira yachidule yomweyi imauumitsa iye asanagwe. Kudikira ubongo kukanachedwetsa.

Kodi kuyeza kotereku kunayamba liti?

Madokotala awiri a ku Germany, Wilhelm Erb ndi Carl Westphal, analemba za kudumpha kwa bondo m'chaka cha 1875, aliyense payekha, m'magazini imodzi. Sanagwirizane pa chifukwa chake. Westphal ankaganiza kuti mnofu umangodzidzimuka wokha ukagundidwa, pamene Erb ankati uthenga umakafika kumsana n'kubwerera. Erb ndiye analondola, ndipo kafukufuku wa Charles Sherrington wa ku England anadzalongosola bwino njirayo. Sherrington analandira mphoto ya Nobel mu 1932. Kanyundo ka mutu wa ngodya zitatu kanapangidwa ndi John Madison Taylor ku Philadelphia mu 1888. Pomwe palibe kanyundo, m'mphepete mwa chikhatho kapena nsonga za zala zimagwira ntchito, bola mwendo ukhale wolendewera ndiponso womasuka.

Nanga dokotala amaphunzirapo chiyani?

Lamulo loyendetsa mwendo limadutsa m'mitsempha iwiri yolandizana. Wapamwamba umayambira mu ubongo n'kutsika m'chingwe cha mumsana. Wapansi umayambira m'chingwemo n'kutuluka kukafika ku mnofu. Uliwonse ukawonongeka mwendo umafooka, ndipo wodwala amadandaula chimodzimodzi, kuti mwendo ukukana. Bondo ndilo limasiyanitsa.

Mtsempha wapansi uli mbali ya njira yachidule ija. Ukaduka, uthenga ulibe potulukira, choncho bondo limadumpha mofooka kapena silidumpha n'komwe. Mwendo umakhala lende, ndipo pakapita masabata mnofu umayamba kuuma ndi kuchepa. Nthawi zina timinofu timaoneka tikugunda tokha pansi pa khungu.

Mtsempha wapamwamba suli m'njirayo, koma umaiyang'anira ngati buleki ya ngolo pamtsetse. Ukawonongeka, njira yachidule imatsala yamoyo koma yopanda woiletsa. Bondo limadumpha mopitirira, mwendo umalimba gwa wina akamaupinda mofulumira, ndipo phazi likakankhidwira m'mwamba mwadzidzidzi limagwedezeka kambirimbiri osaleka. Palinso chizindikiro chomwe Joseph Babinski anafotokoza ku Paris mu 1896. Pansi pa phazi pakakandidwa m'mbali mwakunja kuchokera kuchidendene, chala chachikulu cha munthu wabwinobwino chimapindikira pansi, koma mtsempha wapamwamba ukawonongeka chimadzuka kuloza m'mwamba. Kwa khanda losakwana chaka kudzuka kumeneku si vuto, poti mitsempha yake yotsika kuchokera ku ubongo sinakhwime.

Kodi zimenezi zimathandiza bwanji pa wodwala weniweni?

Mwachitsanzo, bambo wa zaka 40 wafika kuchipatala cha boma ku Dedza atagwiriziridwa ndi abale ake. Msana wakhala ukumuwawa miyezi itatu, waonda, amatuluka thukuta usiku, ndipo masabata awiri apitawa miyendo yayamba kulemera. Manja ake ali ndi mphamvu, ndipo akagogodedwa pachigongono amadumpha mwa nthawi zonse. Mawondo onse awiri akudumpha mopitirira, zala zazikulu zikudzuka, ndipo khungu lachita dzanzi kuyambira pamchombo kutsika.

Dokotala amawerenga zimenezi motsatana. Kudumpha kopitirira kukusonyeza kuti miyendo yokhayo ilibe mlandu, vuto lili pamwamba pa L3. Manja abwino akusonyeza kuti lili m'munsi mwa khosi. Miyendo yonse iwiri kugwidwa pamodzi, nkhope ndi malankhulidwe zili bwino, sikufanana ndi sitiroko, yomwe kawirikawiri imagwira dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi. Mchombo umayenderana ndi chigawo cha T10. Choncho dokotala amatembenuza wodwalayo n'kupapasa pakati pa msana, ndipo akapeza kalinunda kosongoka kowawa, maganizo amathamangira ku chifuwa chachikulu cha m'mafupa a msana, chomwe chadya fupa n'kufinya chingwe. Apa ndi pomwe kanyundo kotsika mtengo kamaonetsa phindu lake, chifukwa kamauza wojambula ekisile malo enieni ojambula. Wodwala wotere sayenera kubwezedwa kunyumba ndi mankhwala opha ululu okha, pakuti chingwe chikafinyidwa nthawi yaitali mphamvu ya miyendo ndi ya chikhodzodzo ikhoza kupitiratu.

Poliyo amaonetsa mbali inayo. Kachilombo kake kamapha mitsempha yapansi pomwe imayambira m'chingwe. Mwana amatentha thupi, kenaka m'masiku ochepa mwendo, nthawi zambiri umodzi, umakhala lende, bondo lili zii, koma akatsinidwa amamva. Mu February 2022 boma la Malawi linalengeza kuti mwana wa ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, koyamba chichokere 1992. N'chifukwa chake mwana aliyense wosakwana zaka 15 wofooka ziwalo mwadzidzidzi motere amatengedwa chimbudzi kawiri, masiku osiyana, pasanathe masiku 14, kuti chikayezedwe.

Kodi kanyundo kanganamize?

Kangathe. Chingwe cha mumsana chikavulala mwadzidzidzi, monga pangozi ya njinga yamoto, miyendo imayamba yakhala lende ndipo mawondo sadumpha kwa masiku kapena masabata, ngakhale kuti wowonongeka ndi mtsempha wapamwamba. Kulimba kumabwera pambuyo. Wodwala wamantha amaumitsa mwendo n'kubisa kudumphako, ndipo njira yake ndi kumuuza akolowekane zala za manja n'kukoka mwamphamvu pamene bondo likugogodedwa. Anthu ena athanzi amadumpha kwambiri mwachibadwa, ena pang'ono, choncho chomwe chimawerengedwa kwambiri ndi kusiyana kwa kumanja ndi kumanzere, pamodzi ndi mphamvu, kulimba kwa mnofu ndi zomwe chala chachikulu chachita.

Azamba amagwiritsa ntchito bondo pa chifukwa china. Mayi woyembekezera amene magazi ake akuthamanga kwambiri mpaka kuopseza kukomoka amabayidwa maginiziyamu salufeti. Mankhwalawa akachuluka m'thupi, kudumpha kwa bondo kumasowa kupuma kusanayambe kuvuta. Mzamba amagogoda bondo, amawerenga mpweya ndi kuona kuchuluka kwa mkodzo asanabaye jakisoni wotsatira, ndipo bondo likakhala chete jakisoniyo amaimitsidwa.