Kuchokera pa wotchi ya Bundy kufika pa chidindo cha chala

Nkhaniyi idayambira ku Auburn, m'chigawo cha New York ku Amereka. Kumeneko, m'chaka cha 1888, katswiri wina wa mawotchi dzina lake Willard Bundy adapanga wotchi yolemba nthawi imene munthu wafika pantchito. Wantchito aliyense ankapatsidwa kiyi wokhala ndi nambala yake. Akalowetsa kiyiyo, makina ankadinda nambalayo pamodzi ndi nthawi papepala. Mng'ono wake Harlow adatsegula kampani yopanga mawotchiwa mu 1889. Bizinesiyo idalowa m'kampani ya International Time Recording, imene mu 1911 idaphatikizana ndi ena n'kupanga kampani yomwe mu 1924 idatchedwa IBM.

Kenako kudabwera makhadi odinda, koma vuto limodzi silidathe: kiyi kapena khadi ukhoza kupatsira mnzako kuti akudindire iwe uli kunyumba. Chala sichibwerekedwa, n'chifukwa chake makina a zidindo za zala atatsika mtengo adafalikira m'mafakitale, m'maofesi ndi m'masitolo. Komabe chachikulu chimene amalemba sichidasinthe kuyambira nthawi ya Bundy. Ndi nambala ndi nthawi. Zolembedwazo pazokha sizinena za shifiti kapena tchuthi.

Poyamba kalaliki ankapita ndi fulashi pamakina aliwonse mwezi ukamatha n'kukopera zonse. Pambuyo pake makina adalumikizidwa ku netiweki. A kampani ya ZKTeco, mwachitsanzo, amayankha padoko la 4370, ndipo kompyuta imatha kukoka zolembedwa usiku uliwonse. Atsopano amachita kutumiza okha. Kusintha kwakukulu kudali kwakuti cholakwika chinayamba kuoneka mawa lake, anthu akukumbukirabe, osati pa 28 malipiro atawerengedwa kale.

Vuto loyamba ndi la shifiti ya usiku. Tiyeni titenge mlonda wa nambala 47, wogwira usiku. Lolemba waika chala pageti nthawi ya 17:56, ndipo poti sadamve kulira kwa makina, waikanso pa 17:57. Waweruka Lachiwiri pa 06:03. Pulogalamu yosaganiza bwino imasonkhanitsa zonse potsata deti. Ikatero, iona kuti Lolemba adalowa 17:56 n'kutuluka 17:57, ndiye kuti wagwira mphindi imodzi, ndipo Lachiwiri ali ndi chidindo chopanda chinzake. Munthu wachezera usiku wonse pamphepo, maola oposa 12, koma mwezi ukatha apeza atamudula ngati adajomba. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa amene amalandira zochepa ndiwo sakhala ndi njira yotsutsira kompyuta.

Kukonza kwake n'koti zidindo ziziphatikizidwa potsata shifiti, osati deti. Shifiti yoyamba 18:00 n'kutha 06:00 imakhala ya Lolemba yonse. Chidindo choyamba chapafupi ndi 18:00 ndicho cholowera, chomaliza chapafupi ndi 06:00 ndicho chotulukira, ndipo chobwerezedwa mkati mwa mphindi zochepa chimasiyidwa powerengera. Sichifufutidwa ayi. Zochokera pamakina zisungidwe monga zidabwerera, m'tebulo lakelake, kuti pakabuka dandaulo pakhale poyang'ana.

Vuto lachiwiri lidadza ndi kukoka kwa tsiku ndi tsiku komweko. Netiweki ya kunthambi ikafa masiku atatu, makina amasungabe zidindo. Pulogalamu yotenga za dzulo lokha idzasiya masiku awiri kunja. Choncho ndi bwino kukoka zonse zimene zilipo, nkhokwe yapakati n'kukana zomwe ili nazo kale. Mu PostgreSQL tebulo limapatsidwa lamulo loyambali, ndipo polowetsa zinthu mawu achiwiriwa amaikidwa kumapeto:

```
UNIQUE (device_sn, user_id, punch_time)
ON CONFLICT DO NOTHING
```

Mukatero, ngakhale mukoke kawiri usiku umodzi, palibe chiwerengedwe kawiri. Nambala ya makina ili m'lamulomo pachifukwa china: nthambi iliyonse ikamalembetsa anthu payokha, 47 wakuno akhoza kukhala mlonda pamene 47 wauko ndi dalaivala. Pafunika tebulo lolumikiza makina ndi nambala ya chala ku nambala ya munthuyo ku malipiro. Nambala yosadziwika isatayidwe, iikidwe pambali kuti wina aifufuze.

Chotsala ndi wotchi yeniyeniyo. Magetsi akazima batire yamkati itatha, makina ena amabwerera ku deti yakalekale monga chaka cha 2000, ndipo ena amangotsalira pang'onopang'ono. Chizindikiro chake n'chakuti nthambi yonse imaoneka ngati yajomba, kapena aliyense akufika mochedwa ndi mphindi zofanana. Pokoka zolembedwa, pulogalamu iyerekeze nthawi ya makina ndi yake, ilembe kusiyanako, kenako ikonze wotchiyo.

Inu amene mumayang'anira malipiro, pemphani lipoti m'mawa uliwonse loonetsa makina amene sanatumize kanthu, nambala zosadziwika, ndi anthu okhala ndi chidindo chimodzi chokha. Kapitawo alione ndi kulisainira tsiku lomwelo, ndipo musadule ndalama ya munthu musanamufunse.