NPV ndi IRR: kusankha pakati pa dimba ndi maiwe a nsomba ku Domasi

NPV ndi IRR ndi njira ziwiri zoyezera phindu la ntchito yofuna mpamba lero koma yobweza ndalama m'zaka za m'tsogolo. Zonse zimayambira pa mfundo yakuti kwacha ya chaka chamawa ndi yochepa mphamvu poyerekeza ndi ya lero, chifukwa ya lero ikhoza kubereka chiwongoladzanja. NPV imatenga ndalama za chaka chilichonse, n'kuzichepetsa ndi chiwongoladzanja kuti zikhale pa mtengo wa lero, n'kuchotsapo mpamba. Yankho lake limakhala m'makwacha. IRR ndi chiwongoladzanja chimene chingafikitse NPV pa ziro. Yankho lake limakhala m'maperesenti.

Ntchito ikakhala imodzi, njirazi kawirikawiri zimagwirizana. Zimasemphana pamene ntchito ziwiri zikulimbirana malo amodzi. M'chigwa cha Domasi, kumene mtsinje wa Domasi umatsika kuchokera m'phiri la Zomba kulowera ku nyanja ya Chilwa, ndiponso kumene kuli likulu la boma la kafukufuku wa ulimi wa nsomba, munda wa pafupi ndi madzi ukhoza kukhala dimba kapena maiwe a makumba ndi chilunguni, koma osati zonse pamodzi.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Gulu la alimi likhoza kugula pampu ndi mapaipi a K2 miliyoni, n'kumapeza K1.2 miliyoni pachaka kwa zaka zitatu, litachotsa zolowa. Likhozanso kukumba maiwe a K10 miliyoni, n'kumapeza K5 miliyoni pachaka kwa zaka zomwezo. Ndalama zonsezi zili pa mitengo ya lero, ndipo chiwongoladzanja ndi 10 peresenti.

Pa maiwe, K5 miliyoni ya chaka choyamba tikaigawa ndi 1.1 imasanduka K4.55 miliyoni, ya chaka chachiwiri, yogawidwa kawiri, K4.13 miliyoni, ya chachitatu K3.76 miliyoni. Zonse pamodzi ndi pafupifupi K12.43 miliyoni, choncho NPV ndi K2.43 miliyoni. Dimba, powerengera chimodzimodzi, lili ndi NPV ya K0.98 miliyoni. Koma IRR ya dimba ndi 36 peresenti, ya maiwe 23 peresenti. Njira ina ikuti maiwe, ina ikuti dimba.

Chosemphanitsa ndi kukula kwa mpamba. Peresenti siinena kuti ikugwira pa ndalama zingati: 36 peresenti ikubereka pa K2 miliyoni yokha, ndipo K8 miliyoni yotsalayo ikupeza 10 peresenti basi kwina kumene yaikidwa. Funso lenileni ndi lakuti, kodi kuwonjezera K8 miliyoni kuti dimba lisanduke maiwe n'kopindulitsa? Ndalama yowonjezerayo imabweretsa K3.8 miliyoni yapamwamba chaka chilichonse, ndipo IRR yake ndi pafupifupi 20 peresenti. Popeza 20 iposa 10, maiwe ndiwo oyenera, monga inanenera NPV. Kuyerekeza kotere kunafotokozedwa ndi Irving Fisher m'buku lake la 1930 lonena za chiwongoladzanja.

Nambala ya 20 peresentiyi ndiyo malire. Chiwongoladzanja chikafika pamenepo, ntchito zonse ziwiri zimakhala ndi NPV ya pafupifupi K0.53 miliyoni. Chikapitirira, dimba limapambana: pa 25 peresenti dimba limatsala ndi K0.34 miliyoni pamene maiwe aluza K0.24 miliyoni. Motero yankho la NPV limadalira chiwongoladzanja chosankhidwa, ndipo ku Malawi apa ndi pamene ambiri amaphonya. Mu 2024 Banki Yaikulu ya Malawi inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, koma mitengo ya zinthu nayo inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka. Wowerengera nsomba pa mtengo wa lero n'kuzichepetsa ndi chiwongoladzanja cha kubanki amapondereza ntchito ya mpamba waukulu popanda chifukwa. Ayenera kukweza mitengo ya m'tsogolo, kapena kuchotsa kukwera kwa mitengo m'chiwongoladzanja.

Pakompyuta, mpamba ukalembedwa mu B1 ngati nambala yochotsera ndipo zaka zitatu zili mu B2 mpaka B4, masamu ake ndi awa:

```
=NPV(10%,B2:B4)+B1
=IRR(B1:B4)
```

Mpamba sulowa m'kati mwa NPV, chifukwa Excel ingauchepetse ngati ndalama ya chaka chamawa.

IRR ili ndi vuto linanso. Ngati pakati pa zaka pali chaka choluza, monga pochotsa matope m'maiwe kapena pomanganso ngalande yokokoloka ndi madzi osefukira, masamu akhoza kutulutsa ma IRR awiri, kompyuta n'kuonetsa imodzi yokha. Nayo NPV imaganiza kuti K10 miliyoniyo ikupezeka pa chiwongoladzanja chotchulidwa. Gulu limene lili ndi K2 miliyoni yokha, lopanda kokongola pa mtengo wochepera 20 peresenti mutachotsa kukwera kwa mitengo, liyenera kulima dimba.