Uthenga wa Chitenje cha pa Chithunzi

Taonani chithunzi chili pa tsamba lino. Mayi wagwada m'bwalo la ku Mkaika atavala chitenje chobiriwira. Pa nsaluyo pali nkhope ya Kenneth Kaunda yozunguliridwa ndi mizere yofiira, yakuda ndi ya mtundu wa lalanje, ndipo pamwamba pa nkhopeyo pakuuluka nkhwazi. Kuseri kwa chithunzi sikunalembedwe chaka, komabe nsaluyo ikhoza kutiuza nthawi yake.

Tiyambe ndi mitundu. Inayi imeneyi ndi ya mbendera imene inakwezedwa pa 24 Okotobala 1964. Kubiriwira kuimira zomera ndi chonde cha dziko, kufiira kukumbutsa nkhondo yomenyera ufulu, kuda ndiwo anthu a Zambia, ndipo lalanje ndi chuma cha pansi pa nthaka, makamaka mkuwa. Nkhwazi ionetsa mtundu wa anthu wouluka pamwamba pa mavuto ake. Komatu mtundu umodzi pa wokha sunena kanthu. Maluwa ofiira pa chitenje cha pamsika ndi maluwa chabe. Kufiira kumakhala magazi a ufulu pokhapokha kukaima pamodzi ndi mitundu inzake itatu ija.

Kenaka tione m'mphepete, mmene fakitale imadinda dzina lake. Pano pakuwerengeka dzina la Mulungushi, fakitale ya nsalu ya ku Kabwe imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la China, ndipo inayamba ntchito kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980. Kaunda anachoka pa mpando mu 1991. Motero nsaluyi iyenera kuti inadindidwa pakati pa nthawi ziwirizi. Malo nawonso avomereza, pakuti mwambo wa Kulamba, umene atsamunda analetsa mu 1934, unayambanso mu 1984.

Wowerenga achenjere pa zinthu ziwiri. Choyamba, zaka za nsalu si zaka za chithunzi. Amayi athu amasunga chitenje chabwino m'sutikesi zaka zambiri, choncho nsalu ingotiuza kuti chithunzi sichinajambulidwe chaka chakuti chisanafike. Chachiwiri, zilembo zikaoneka chobwerera, mwina mayiyo anavala nsalu chotembenuza, mwina wotsuka chithunzi anatembenuza filimu. Kusiyanitsa kwake nkosavuta: nsalu yodindidwa mbali imodzi imaoneka yotuwa kunsi kwake, pamene filimu yotembenuzidwa imabweza zilembo zonse za pa chithunzi, ngakhale za pa chikwangwani chili kumbuyo.

Mayi amene anasankha chitenje ichi pobwera kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi ananena zinthu ziwiri osatsegula pakamwa. Maondo ake anati ndine Mchewa, ndipo nsalu yake inauza abale ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique kuti kwawo ndi ku Zambia.